Phaa! Kamodzi Kokha: Momwe Mawu Amakumanirana ndi Milomo mu Kanema

Sizilira sukulu kuzindikira kanema amene mawu ake asemphana ndi milomo. Ngakhale mwana amaona. Mlaliki watseka kale pakamwa koma mawu akupitirirabe, woimba ng'oma dzanja lafika kale pachikopa koma kulira kukubwera pambuyo. Woonera sanganene kuti mawu achedwa motani. Amangoti "ameneyutu akungoyasamula, sakuimba," n'kusiya kuonera. Chodabwitsa n'chakuti makanema ambiri otere sanajambulidwe mosasamala. Ojambulawo anachita chinthu choyenera, anajambula mawu paokha kuti amveke bwino, koma anakalephera pobwezera mawuwo pamalo pake.

Tiyambe ndi chifukwa chojambulira mawu paokha. Kamera imafuna kuima patali kuti ione bwino, pomwe maikolofoni imafuna kukhala pafupi ndi pakamwa kuti imve bwino. Kamaikolofoni kamene kali pa kamera kamatola zonse zimene zili pakati pa iko ndi wolankhula: mphepo, njinga yamoto, tambala wa aneba, kupuma kwa wojambula mwiniwake. Choncho odziwa ntchito amapanikiza kamaikolofoni pakolala ya wolankhula, kapena kulumikiza rekoda ku mikisa ya zokuzira mawu, kapenanso kungoika foni m'thumba la malaya. Pomaliza ntchito amakhala ndi mafayilo awiri, ya zithunzi ndi ya mawu, ndipo palibe imene ikudziwa nthawi imene inzake inayambira. Wina anadina batani lake poyamba, mnzake anadina patapita masekondi makumi atatu ndi mphambu zosadziwika. Ntchito yonse yagona pa kupeza mphambuzo.

Vutoli linabadwa pamodzi ndi mafilimu olankhula. Filimu ya The Jazz Singer ya mu 1927 inali ndi mawu ake pa malekodi ozungulira, amene ankayenera kuyambitsidwa pamodzi ndi zithunzi, singano itaikidwa pamalo olembedwa chizindikiro. Makamera a filimu a m'masitudiyo sankajambula mawu, ndipo mpaka lero makampani aakulu amajambulabe mawu pa makina osiyana ndi kamera. M'zaka zoyambirira zomwezo ndi m'mene munatulukira sileti ija timaiona m'zithunzi za ku Hollywood, yokhala ndi timitengo tiwiri ta mizere yoyera ndi yakuda timene munthu amawombetsa kamera itangoyamba kujambula. Ambiri amayesa ndi mwambo chabe wosonyeza kuti zayamba. Ayi ndithu. Timitengoto tikagundana timapereka chinthu chimodzi chimene kamera imaona ndipo rekoda imamva pa kamphindi kamodzimodzi.

Kuwomba m'manja kumagwira ntchito yomweyo, popanda kugula kanthu.

Chifukwa chake chimaoneka mukatsegula fayilo ya mawu pa kompyuta. Pulogalamu yosokera kanema imajambula mawu ngati mafunde, okwera pamene pali phokoso, ophwa pamene pali zii. Mawu a munthu amakwera pang'onopang'ono n'kutsika pang'onopang'ono, moti n'kovuta kuloza pamene liwu layambira penipeni. Koma manja akawombana, phokoso limachoka pa zii kufika pamwamba m'kuphethira kwa diso, ndipo pa sikirini pamaoneka kamzere kowongoka, kosongoka, koima pakokha. Kumbali ya zithunzi nakonso pali fulemu imodzi imene manja aonekera atagundana. Mukaika kamzere kaja pansi pa fulemu imeneyi, zonse zotsatira zalowa m'malo mwake.

Komabe si kuwomba kulikonse kumene kumathandiza. Kuwomba kwa ulemu kumene timachita kwa mfumu, manja atafumbatidwa pang'ono, kumatulutsa mawu onenepa, akuti "phu," ndipo kamzere kake kamakhala kobuntha. Pano pafunika zikhato zotambasuka, kuwomba kouma, kamodzi kokha. Mukawomba kawiri kapena katatu mofanana, mudzavutika kudziwa kuti kamzere aka ndi ka kuwomba kuti. Wowombayo aime pamene paime wolankhula, pafupi ndi maikolofoni, manja akuonekera chammbali kuti kamera ione mpata wa pakati pa zikhato ukutsekeka. Akawombera chakutsogolo, dzanja lina limabisa linzake. Asanawombe atchule mokweza chimene chikujambulidwa, monga "nyimbo yachiwiri, kachitatu," kuti amene adzasoke kanemayo adziwe fayilo ya mawu yoyendera limodzi ndi ya zithunzi. Ndipo zonsezi zichitike zipangizo zonse zitayamba kale kujambula. Zikumveka zosafunika kunena, koma rekoda zambiri ukadina batani lofiira kamodzi zimangokonzekera, kanyali kakuthwanima, ndipo zimayamba kujambula ukadinanso kachiwiri. Wowomba afunse kaye, "Mawu akuyenda? Kamera ikuyenda?" ndipo awombe atayankhidwa.

Pa kompyuta, yendetsani zithunzi fulemu imodzi imodzi ndi mabatani a mivi. Muona manja akuyandikirana ali mbuu chifukwa cha liwiro, kenako fulemu yoyamba imene agundana ndipo aima. Imeneyo ndiye yanu. Apa pali kanthu kofunika kukamvetsa. Kanema wa mafulemu 25 pa sekondi, monga amene amaulutsidwa pa wailesi za kanema za kuno kwathu, amajambula chithunzi chimodzi pa mamilisekondi 40 aliwonse, ndiye kuti magawo 40 a sekondi yogawidwa ka 1,000. Manja amatha kugundana pakati pa fulemu ina ndi inzake, kamera osaona kugundana kwenikweniko. Choncho kuwomba m'manja sikukupatsani kulondola koposa fulemu imodzi. Zimenezo si zodandaulitsa, chifukwa mukasankha fulemu yoyamba imene manja atsekeka kale, mawu amakhala ochedwa pang'ono m'malo mofulumira, ndipo uku ndiye kulakwa kumene diso la munthu limakhululuka.

Limakhululuka chifukwa tinazolowera. Munthu akamawaza nkhuni kutsidya la dambo, nkhwangwa imaoneka itagwa kale, kenako m'pamene kugunda kumafika m'khutu. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, pomwe mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Ubongo wathu unazolowera kuti mawu amatsatira chooneka, koma m'chilengedwe mawu satsogola. Bungwe loona za mauthenga padziko lonse la ITU linapeza kuti anthu amayamba kuzindikira kusemphanaku mawu akatsogola ndi mamilisekondi pafupifupi 45, koma akachedwa amazindikira pofika pafupifupi 125. Kunena mwachidule, mawu akatsogola ndi fulemu imodzi ali kale m'malire, koma akachedwa ndi mafulemu awiri ambiri saona kanthu.

Kompyuta ikamadzipezera yokha

Masiku ano achinyamata ambiri osoka makanema sawombanso m'manja. Amasiyira kompyuta. Njira yake ndi iyi: kamera nayo imajambula mawu ndi kamaikolofoni kake kaja, ngakhale ali oipa, ndipo pulogalamu imafanizira mawu oipawo ndi mawu abwino a mu rekoda. Rekoda imayeza mawu ka 48,000 pa sekondi, n'kulemba nambala nthawi iliyonse. Pulogalamu imatenga manambala a mbali ziwirizi, kuwasanjika, kuyeza kuti akukwera ndi kutsika limodzi motani, kenako kusuntha mbali imodzi pang'ono n'kuyezanso. Imatero mpaka yayesa malo onse. Pamalo olakwika, kukwera kwa uku kumakumana ndi kutsika kwa uko mwachisawawa ndipo zotsatira zimakhala zochepa. Pamalo oyenera zonse zimagwirizana, zotsatira zimalumpha, ndipo pulogalamu imaika mawu pamenepo.

Mu Adobe Premiere Pro mumasankha mafayilo awiriwo pa mzere wosokera, kudina batani lakumanja la mbewa, kusankha Synchronize kenako Audio. Mu DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu waulere, mumagwiritsa ntchito Auto Sync Audio n'kusankha kuti ifanizire mafunde a mawu. Final Cut Pro ili ndi Synchronize Clips. Kdenlive, yaulerenso, ili ndi Set Audio Reference ndi Align Audio to Reference. Kale ntchitoyi inkafuna pulogalamu yapadera yotchedwa PluralEyes, koma tsopano pafupifupi pulogalamu iliyonse yaikulu imachita yokha. Kwa munthu amene wabwera ndi tizidutswa makumi asanu ta paukwati, kamera ikuzimitsidwa ndi kuyatsidwa tsiku lonse pomwe rekoda ikungoyenda, njirayi imapulumutsa maola ambiri, ndipo palibe chifukwa choinyozera.

Imalephera m'malo odziwika. Ngati maikolofoni ya pa kamera inali yozimitsa, palibe choti ifanizire. Ngati mphepo inkawomba pa kamera, mafunde ake ndi a mphepo, osati a wolankhula. Ngati kamera inali pafupi ndi jenereta, chimodzimodzi. Imasokonezekanso ndi zinthu zobwerezabwereza. Nyimbo imene kolasi yake imabwera kanayi, makamaka ngati inapangidwa pa kompyuta ndipo kolasiyo inangokopedwa, ili ndi malo anayi ofanana ndendende, ndipo pulogalamu ikhoza kuika kachidutswa kanu pa kolasi yachitatu m'malo mwa yoyamba popanda kukuchenjezani. Ojambula makanema a nyimbo, amene amaimbitsa woimba motsatira nyimbo yolira pa sipika, amakumana nazo kawirikawiri.

Koma pali kulephera kwina kobisika, kumene pulogalamu imakuuzani kuti zatheka ndipo mafunde akuoneka ogwirizana bwinobwino. Kuti tikumvetse tiyenera kukumbukira chimene pulogalamuyo yachita. Yagwirizanitsa mawu ndi mawu. Sinaone milomo, sinaone manja. Yangokhulupirira kuti mawu a pa kamera ali kale pamalo oyenera poyerekeza ndi zithunzi. Kuwomba m'manja kokha ndi kumene kumagwirizanitsa mawu ndi chithunzi mwachindunji, ndipo n'chifukwa chake ine ndimati munthu aziwombabe ngakhale ali ndi pulogalamu yabwino chotani.

Kwaya m'tchalitchi

Tiyerekeze kuti mwapemphedwa kujambula kwaya imene ikuimba kwa ola lathunthu m'tchalitchi chachikulu. Kamera mwaiika kumbuyo pa miyendo yake, mamita 20 kuchoka pamene paima oimba, kuti isatchinge anthu, ndipo mwakoka chithunzi kuti nkhope zioneke pafupi. Rekoda mwailumikiza ku mikisa, kumene mawu a mamaikolofoni a oimba akufika kudzera m'mawaya mosachedwa. Kamera ikujambula mafulemu 25 pa sekondi.

Mawu a oimba kuti afike pa kamera ayende mamita 20 mumpweya. Gawani 20 ndi 343, mupeza mamilisekondi 58, pafupifupi fulemu imodzi ndi theka. Ndiye kuti mawu a pa kamera ndi ochedwa kale ndi fulemu ndi theka poyerekeza ndi milomo. Mukauza pulogalamu kuti ifanizire mafunde, imatenga mawu abwino a ku mikisa n'kuwachedwetsa mofananamo kuti agwirizane ndi a pa kamera. Munthu amene wakhala kumbuyo kwa tchalitchi sadabwa ndi kuchedwa kotere, chifukwa akuona kuti oimba ali kutali. Koma woonera kanema akuona nkhope itadzaza sikirini, ngati woimbayo ali pamphuno pake. Fulemu ndi theka payokha mwina sangaione. Onjezani kuti makamera ena amalemba mawu awo mosemphana ndi zithunzi ndi fulemu imodzi kapena ziwiri, ndiponso kuti wailesi ya kanema kapena foni ya woonerayo ikhoza kuwonjezera pake, mupeza kuti mwadya kale malire onse musanayambe. Ku bwalo la mpira kapena ku msonkhano wa panja, kamera ili mamita 60, kuchedwako kumaposa mafulemu anayi, ndipo aliyense amaona.

Mankhwala ake ndi osavuta. Mamita 14 aliwonse ndi fulemu imodzi. Pulogalamu ikamaliza, kokerani mawu abwinowo kutsogolo molingana ndi mtundawo, kenako tsimikizani ndi kuwomba m'manja kumene wina anachita ataima pa maikolofoni ya kutsogolo. M'tchalitchi kuwombaku kuchitike anthu asanayambe kuimba, chifukwa nyimbo ikangoyamba mpingo wonse ukuwomba m'manja ndipo kamzere kanu simudzakapezanso. Ngati masipika ali m'mbali mwa tchalitchi pafupi ndi kamera, mtunda wofunika ndi wochoka pa sipika, osati pa oimba, choncho musadalire masamu okha. Diso ndi manja aja ndiye mboni.

Tsopano tione manambala. Mu kanema, manja agundana pa masekondi 12.4 chiyambireni fayilo. Mu fayilo ya mawu, kamzere kali pa masekondi 47.9. Rekoda inayamba kale ndi masekondi 35.5. Mukadula masekondi 35.5 koyambirira kwa mawu, mafayilo awiriwa ayambira pamodzi. Mwaonera nyimbo yoyamba, zili bwino. Yachiwiri, zili bwino. Mukadumphira ku nyimbo yomaliza mupeza milomo ikutsogola, mawu akutsalira moonekeratu.

Palibe chimene mwasuntha. Chimene chachitika n'chakuti kamera ndi rekoda chilichonse chili ndi wotchi yakeyake mkati, kamwala kakang'ono konjenjemera kamene kamawerenga nthawi, ndipo palibe mawotchi awiri amene amayenda mofanana ndendende. Rekoda ikamati ikuyeza ka 48,000 pa sekondi, mwina ikuyeza ka 48,003 pa sekondi ya kamera. Pa mphindi imodzi kusiyanaku sikuoneka. Pa ola kumaunjikana.

Apa m'pamene kuwomba kwachiwiri kumagwira ntchito. Musanazimitse chilichonse pomaliza, wina awombenso. Akatswiri a mafilimu akaiwala kapena kulephera kuwomba poyamba amawomba pomaliza sileti itazondoka, kuti wosoka adziwe kuti ndi ya kumapeto. Ife tikunena zowomba konsekonse pa chojambula chilichonse chachitali. Tinene kuti mu kanema kuchoka pa kuwomba koyamba kufika pa kwachiwiri papita mphindi 58 ndendende, amene ndi masekondi 3,480. Mu fayilo ya mawu papita masekondi 3,480.2. Mawu atalika ndi masekondi 0.2, mafulemu asanu. Kusemphanaku kumakula mofanana: pakati pa konsati ndi mafulemu awiri ndi theka, pomaliza asanu.

Njira zokonzera ndi ziwiri. Yoyamba, imene ndimaikonda pa zinthu zokhala ndi mipata, ndiyo kudula. Pakati pa nyimbo ndi nyimbo, pamene anthu akuwomba m'manja kapena wotsogolera akupuma, dulani mawu, chotsani fulemu imodzi, sunthani otsalawo kutsogolo. Pa chitsanzo chathu fulemu imodzi imatayika pa mphindi pafupifupi 12 zilizonse, choncho kudula kanayi kapena kasanu kwakwana, ndipo palibe pamene kusemphana kungapose fulemu imodzi. Mawu enieniwo simunawakhudze.

Yachiwiri ndiyo kufinya mawu onse pang'ono kuti alingane ndi zithunzi. Gawani 3,480.2 ndi 3,480, mupeza 1.0000575. Mawu afulumizidwe ndi mlingo umenewo, umene khutu silingamve. Mu Premiere Pro muli chida chotchedwa Rate Stretch chimene mumakokera mapeto a mawu mpaka kamzere kachiwiri kafika pa fulemu yake. Amene saopa kulemba malamulo a pa kompyuta angagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya ffmpeg, imene imachita zonse ziwiri, kudula koyambirira ndi kufinya, nthawi imodzi:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -ss 35.5 -i mawu.wav -map 0:v -map 1:a -af atempo=1.0000575 -c:v copy -c:a aac -shortest kwaya.mp4
```

Lamuloli likuti: tenga zithunzi za mu fayilo yoyamba osazisintha, tenga mawu a mu fayilo yachiwiri kuyambira pa masekondi 35.5, uwafulumize ndi mlingo uja, uphatikize. Mawu a pa kamera atsala kunja.

Kutsala kunja kwa mawu a pa kamera n'kofunika. Mukamaliza kugwirizanitsa mu pulogalamu yosokera, azimitseni. Mukasiya onse awiri akulira, mawu amamveka ngati akuchokera m'mgolo, chifukwa mafunde ofanana osemphana pang'ono amadyana m'malo ena. Koma musawafufute msanga, popeza kumveka koipa komweko ndi chida choyesera. Lizani onse awiri pamodzi. Akasemphana kwambiri mumva liwu lililonse kawiri. Mukamayandikitsa, kubwerezako kumafupika mpaka kusanduka kumveka kwa m'mgolo kuja, ndipo pamenepo mwadziwa kuti mwatsala ndi timagawo tochepa ta sekondi. Mvetserani koyambirira, pakati ndi pomaliza. Ngati kumvekako kukusintha pamene nthawi ikupita, mawotchi aja akusiyana.

Kuzindikira matenda

Kanema akasemphana, funso loyamba ndi lakuti kusemphanako kukuchita chiyani pamene nthawi ikupita. Ngati ndi kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi nkhani ya malo oyambira kapena mtunda, ndipo kusuntha kamodzi kumathetsa. Ngati kukukula pang'onopang'ono, mafulemu ochepa pa ola, ndi mawotchi. Ngati kukukula mpaka masekondi atatu ndi theka pa ola, kayikirani liwiro la mafulemu: makamera ambiri akalemba 30 amatanthauza 29.97, ndipo kanema wa 29.97 akakakamizidwa kuyenda pa 30 penipeni amasiyana ndi mawu ndi masekondi 3.6 pa ola. Ngati kukukula mothamanga, masekondi asanu pa mphindi, ndipo mawu a anthu anenepa kapena aonda, ndiye kuti fayilo ya 48 kHz ikuwerengedwa ngati ya 44.1 kHz kapena mosinthanitsa. Mapulogalamu a lero kawirikawiri amakonza okha zimenezi, komabe ndi bwino kuika rekoda pa 48 kHz, umene ndi mlingo wa makanema, ndi kujambula WAV osati MP3.

Palinso kusemphana kopanda dongosolo, kumene pano kuli bwino, apo mawu atsogola, kutsogolo atsalira. Nthawi zambiri wolakwa ndi foni. Mafoni sajambula mafulemu pa liwiro lokhazikika. Kukada kapena foni ikatentha imachepetsa mafulemu pa sekondi, kenako n'kubwereranso, ndipo imalemba nthawi ya fulemu iliyonse kuti poonera ziyende bwino. Mapulogalamu ena osokera amatsatira bwino nthawizo, ena amayesa mafulemu onse ndi otalika mofanana, n'kusokoneza. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imakuuzani: ikalemba Variable pa Frame rate mode, mwapeza gwero. Pititsani kanemayo mu HandBrake mutasankha Constant Framerate musanayambe kusoka, kenako mugwirizanitse ndi fayilo yatsopanoyo. Mukayamba mwasoka n'kudzakonza pambuyo, mudzabwereza ntchito yonse.

Kusemphana kumene kumayamba mwadzidzidzi pakati pa chojambula kumachokera pa mafayilo oduka. Makamera ambiri akale ojambulira zithunzi amaima okha asanakwanitse mphindi 30, ndipo ena amagawa fayilo ikafika pa 4 GB. Kamera ikaima n'kuyatsidwanso, chidutswa chatsopanocho ndi chojambula china, chofuna kugwirizanitsidwa pachokha. Simungachigundanitse ndi choyamba n'kuyembekeza kuti mawu apitirire bwino.

Nanga ngati palibe amene anawomba, ndipo kamera sinajambule mawu? Funafunani chilichonse chooneka chimene chili ndi phokoso louma: chitseko chotsekedwa, kapu yoikidwa patebulo, ndodo yogunda ng'oma. Zikasowa, yang'anani milomo. Potchula p, b ndi m milomo imatsekeka kaye kenako n'kutseguka, ndipo Chichewa chili nazo zambiri: "bambo," "pepani," "mpingo." Liwu la "pa" ndilo labwino koposa, chifukwa pa mafunde pamaoneka kampata ka zii milomo ili chitsekere, kenako kuphulika pamene yatseguka. Ikani kuphulikako pa fulemu yoyamba imene milomo yalekana. Liwu limodzi likhoza kukunamizani, choncho yesani pa mawu angapo otalikirana.

Makampani a ndalama amapewa zambiri mwa izi ndi taimukodi. Amamangirira timabokosi, monga ta Tentacle Sync, pa kamera ndi pa rekoda, timene tili ndi mawotchi olondola kwambiri oyambitsidwa pamodzi m'mawa, ndipo fulemu iliyonse imalembedwa ola, mphindi, sekondi ndi nambala yake. Pulogalamu imangofanizira manambalawo. Komatu ngakhale iwo amawombetsabe sileti, chifukwa batire limatha, waya amazuka, wina amaika liwiro la mafulemu lolakwika, ndipo zikatero timitengo tija ndi timene timawapulumutsa.

Chomaliza chimene chimapusitsa ngakhale odziwa ndi mahedifoni opanda waya. Mawu odutsa pa Bluetooth amachedwa, kawirikawiri ndi mamilisekondi oposa 100, mafulemu atatu kapena kuposa. Wosoka amene wavala mahedifoni otere amaona ngati mawu akutsalira, n'kuwakokera kutsogolo mpaka zimukomere, ndipo kanemayo akafika kwa anthu mawu amakhala akutsogola, kumene ndi kulakwa kooneka msanga kuja. Gwiritsani ntchito mahedifoni a waya kapena masipika olumikizidwa ndi waya, ndipo khulupirirani kamzere ndi fulemu kuposa mmene zikumvekera pamene kompyuta yofooka ikuvutika kuyendetsa kanema. Mukatulutsa fayilo yomaliza, ionereni pa chipangizo china, foni kapena wailesi ya kanema, koyambirira, pakati ndi pomaliza, musanaipereke kwa eni ake.